Nyumba zogwa chagada pa zithunzi zopangidwa ndi kompyuta

Funso: Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera ku mawu posonyeza anthu mmene nyumba idzaonekere kunja ikadzamangidwa. Panopa ndikulimbana ndi nyumba ya nsanjika zinayi. Chithunzi chilichonse chikutuluka makoma akupendekera m'kati, pamwamba pochepa pansi potambalala, ngati nyumbayo ikugwa chagada. Ndinalemba `towering modern apartment building, dramatic low angle, cinematic, 16:9`. Mnzanga anati ndionjezere `tilt-shift`, koma zinangoipiraipira, nyumba inaoneka ngati kachidole. Ndilembe chiyani kuti makoma aime njo?

Yankho: Tiyambe ndi kamera yeniyeni, chifukwa pulogalamu yanuyo sinapeke yokha kupendekekaku. Inakutengera ku zithunzi zambirimbiri zojambulidwa ndi anthu ataimirira patsinde pa nyumba, kamera atailozetsa m'mwamba. Mukamvetsa chimene chimachitika m'manja mwa munthu wojambulayo, mawu oti mulembe mudzawapeza mosavuta.

M'kati mwa kamera muli sensa, kachidutswa kafulati kamene kamalandira kuwala. Lamulo lake ndi limodzi basi: sensayo ikaima chilili ngati khoma la nyumba, mizere yonse yoimirira imatuluka yoimirira pachithunzi. Mukangoweramutsa kamera kuti muone denga, sensa imagonera kumbuyo, ndipo pamwamba pa nyumba pamakhala patali ndi kamera kuposa patsinde, tikayeza motsata kumene kamera yaloza. Chakutali chimaoneka chaching'ono, ndiye pamwamba pamachepa. Lenzi ilibe mlandu pamenepa, ndipo kaya kamera ndi yodula kaya yotchipa zimachitika chimodzimodzi.

Tiike manambala pa nyumba yanuyo. Nsanjika zinayi titenge kuti ndi mamita 12. Munthu waima mamita 15 kuchokera pakhoma, kamera ili pamsinkhu wa maso, mamita 1.6, ndipo ali ndi lenzi ya mamilimita 24 pa sensa ya mamilimita 36 m'lifupi ndi 24 mumsinkhu. Akagwira kamera molunjika, chithunzi chimafika mamita 7.5 pamwamba pa maso ake, ndiye kuti chimathera pa mamita 9.1 kuchokera pansi. Nsanjika yomaliza yadulidwa, pomwe pafupifupi theka la chithunzi ladzaza msewu. Aliyense amachita chomwecho: amaweramutsa kamera. Akaiweramutsa ndi madigiri 15, nyumba yonse imalowa bwinobwino, koma tsinde lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 14 pomwe denga lili pa mamita 17 ndi pang'ono. Khoma lotambalala mamita 10 limaoneka ngati lili ndi mamita 8.2 okha pamwamba. Madigiri 15 si ambiri, munthu sazindikira n'komwe kuti waweramutsa dzanja, koma nyumba yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kutambalala kwake.

Akatswiri ojambula nyumba amathana nazo ndi lenzi ya shifiti. Lenzi iliyonse imaponya chithunzi chozungulira kumbuyo kwake, ndipo sensa imangotengapo kachigawo kapakati. Lenzi wamba imaponya bwalo longokwanira kuphimba sensa, pafupifupi mamilimita 43. Ya shifiti imaponya bwalo lalikulu kwambiri, lopitirira mamilimita 60, ndipo ili ndi kachitsulo kopotokola kamene kamatsetsereketsa lenzi yonse m'mwamba kapena m'munsi kamera ili phee. Malenzi ambiri otere amasuntha mpaka mamilimita 11 kapena 12. Makamera akuluakulu akale okhala ndi mvukuto ankachita izi kuyambira kalekale, ndipo Nikon ndi amene anabweretsa lenzi yotere ku makamera aang'ono a filimu ya mamilimita 35 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pa nyumba yanu ija, wojambula akakweza lenzi ndi mamilimita 8, chithunzi chimafika mamita 14 kuchokera pansi, denga limalowa ndi thambo pang'ono pamwamba pake, msewu wochuluka uja umachoka, ndipo makoma amakhala oima chifukwa kamera sinaweramuke ngakhale pang'ono.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chithunzi chotere chimakhala nacho, ndipo ndi chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Mzere wa msinkhu wa maso, umene ukanakhala pomwe thambo limakumana ndi dziko pakanapanda chotchinga, umatsika. Pa kamera wamba yogwiridwa molunjika mzerewu umakhala pakati penipeni pa chithunzi. Pa chitsanzo chathu chija uli mamilimita 4 okha kuchokera m'munsi mwa sensa ya mamilimita 24, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Makoma oima, mzere wa maso uli pansi, nyumba yonse ikuoneka: zitatu izi zikakumana, diso limadziwa kuti ichi ndi chithunzi cha katswiri wa nyumba, ngakhale mwini disoyo asanamvepo za shifiti.

Tsopano pulogalamu yanu. M'kati mwake mulibe lenzi, mulibe sensa, ndipo palibe chimene chimatsetsereka mukalemba dzina la lenzi. Mawu anu amangokokera chithunzi ku mtundu wa zithunzi zimene zinkapezeka limodzi ndi mawu otero pamene pulogalamuyo inkaphunzitsidwa. Ndiye taonaninso zimene munalemba. `low angle` ndi kamera ili pansi ikuyang'ana m'mwamba, palibe tanthauzo lina. `towering` amapezeka pa zithunzi za nyumba zokutalikira pamutu, zojambulidwa munthu atakweza khosi. `dramatic` ndi `cinematic` amakonda mizere yopendekeka chifukwa ndi imene imapatsa chithunzi mphamvu yochititsa nthumanzi. Mwapempha kupendekeka kanayi konse musanapemphe china chilichonse. Mukanaonjezera mawu a shifiti kumapeto osachotsa amenewa, mukanangokhala ndi malamulo awiri otsutsana, ndipo kawirikawiri opambana ndi amene ali oyamba komanso ochuluka. Choyamba kuchita ndi kufufuta, kulemba kubwere pambuyo.

Za mnzanuyo, sanalakwitse dzina la lenzi, koma analakwitsa liwu. Malenzi ambiri a shifiti alinso ndi mbali ina yotchedwa tiliti, imene imapendeketsa lenzi kuti isinthe malo amene akuoneka bwino ndi amene akuoneka mwachimbuuzi. Anthu anaikonda mbali imeneyi chifukwa imasandutsa mzinda weniweni kuoneka ngati zoseweretsa za ana, makamaka ukajambulidwa kuchokera pamwamba. Zithunzi zolembedwa `tilt-shift` zambiri ndi zotero, choncho pulogalamu ikamva liwuli imakupatsani kachidole kokhala ndi chimbuuzi pamwamba ndi pansi. Liwu la tiliti lichotseni kotheratu. Lembani `shift lens` kapena `perspective control lens`.

Ngakhale zili choncho, dzina la lenzi palokha ndi lofooka. Ine ndimaliona ngati chizindikiro chongouza pulogalamu kuti tili m'gulu la zithunzi za akatswiri a nyumba. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi mawu ofotokoza zimene diso lidzaone: kamera ili pati, yaloza kuti, mizere ili bwanji, ndipo pamwamba pa denga pali chiyani. Yesani izi:

```
architectural photograph of a four-storey apartment building,
straight-on front elevation, one-point perspective,
level camera at eye height across the street, 24mm shift lens,
parallel vertical lines, low horizon, open sky above the roof,
sharp focus throughout, overcast daylight
```

Mawu atatu mmenemo ndi amene amanyamula katundu wolemera. `straight-on front elevation` amaika kamera maso ndi maso ndi khoma lakutsogolo, ndipo liwu la `elevation` limachokera ku mapulani a nyumba, kumene mzere uliwonse woimirira umakhala woimirira. `across the street` amabweza kamera m'mbuyo, chifukwa kamera ikakhala pafupi ndi khoma, njira yokhayo yoonera denga ndi kuyang'ana m'mwamba. `open sky above the roof` amakakamiza pulogalamu kusiya malo pamwamba, kuti nyumba isapanikizike m'chithunzi. Mawu a `sharp focus throughout` alipo pongotchinga kachidole kaja kuti kasabwerere, ndipo kuwala kwa tsiku la mitambo ndakusankha chifukwa kumachotsa zithunzithunzi zopingasa zimene zingakusokonezeni poyeza. Mukakhutira ndi mizere mutha kubwezeretsa dzuwa.

Kukula kwa chithunzi nako kuli ndi mbali yake, ndipo anthu ambiri amakuiwala. Munapempha 16:9, chithunzi chotambalala koma chachifupi, pomwe nyumba yanu ndi yaitali. Pulogalamu ikauzidwa kulowetsa chinthu chachitali m'malo aafupi, imachita zomwe munthu amachita, imaweramutsa kamera. Ipatseni chithunzi choimirira, monga 4:5 kapena 2:3. Dziwaninso kuti m'mapulogalamu ambiri kulemba manambalawa m'kati mwa chiganizo sikusintha kanthu. Mu Midjourney mumalemba `--ar 4:5` kumapeto, mu Stable Diffusion mumasintha manambala a m'lifupi ndi msinkhu, monga 896 ndi 1152 pa SDXL. Ngati mwini ntchito akufunadi chithunzi chotambalala, pangani choimirira kaye, mizere ikaima bwino mutambasule m'mbali ndi chida chowonjezera m'mphepete. Kutero nyumba imakhala itakhazikika kale, ndipo pulogalamu imangoonjezera mitengo ndi nyumba zoyandikana.

Pa zimene simukuzifuna samalani. Musalembe m'chiganizo chachikulu kuti `no leaning walls`, chifukwa mapulogalamu ambiri samva bwino mawu okana, amangogwira liwu la kupendekeka n'kukupatsani chomwecho. Ngati pulogalamu yanu ili ndi bokosi lapadera la zosafunika, lotchedwa `negative prompt`, kapena `--no` mu Midjourney, ikani mmenemo:

```
low angle, looking up, converging verticals, fisheye, tilt-shift, miniature
```

Ngati ilibe bokosi lotere, zisiyeni, ingonenani zimene mukufuna.

Zithunzi zikatuluka musaziweruze ndi diso lokha. Diso limanama, ubongo unazolowera kuongola nyumba wokha chifukwa umadziwa kuti makoma amaima. Tsegulani chithunzi m'pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi, mukoke mizere iwiri yotsogolera yoimirira, umodzi pangodya ya kumanzere ya nyumba, wina pa ya kumanja, yonse ikhudze khoma patsinde. Kenako yang'anani padenga. Tinene kuti chithunzi chanu chakale, nyumba inali ndi mapikiselo 700 patsinde ndi 580 padenga. Gawani 580 ndi 700, mupeza 0.83, pafupifupi zomwe tinapeza ndi kamera yoweramutsidwa madigiri 15. Chatsopano chikapereka 700 ndi 688, ndiye 0.98, ndipo pa nyumba ya nsanjika zinayi chimenecho ndingachilandire. Pansi pa 0.95 munthu wamba amayamba kumva kuti china chake sichili bwino ngakhale sangathe kuchitchula. Malire amenewa ndi anga, ndinawafikira pogwira ntchito, si lamulo lolembedwa.

Mizere iwiri ija imakuuzaninso mtundu wa vuto, pakuti si kupendekeka konse kumene kuli kofanana. Makoma onse awiri akapendekera m'kati, kamera yaweramuka, ndipo mankhwala ake ndi mawu amene takambirana. Onse awiri akapendekera mbali imodzi, kamera yangopotoka, ndipo kuzunguliza chithunzi ndi digiri imodzi kapena awiri kumatha nkhani, musavutike kupanga china. Makoma akapindika ngati mimba ya mgolo, oongoka pakati koma okhota m'mphepete, mwina muli mawu ngati `ultra wide` kapena `GoPro` penapake, achotseni, ndipo ngati zikupitirira kwezani nambala ya lenzi kuchoka pa 24 kufika pa 35. Mtundu wachinayi ndi umene kamera yeniyeni singapange: ngodya ya nyumba yaima bwino, koma mawindo a nsanjika yachitatu sali pamzere umodzi ndi a yachiwiri, paipi ya madzi a mvula yakhota pakati, mzati wina ukupendekera kumanzere wina kumanja. Uku si kuweramuka kwa kamera. Ndi pulogalamu imene yalephera kusunga mzere wautali, ndipo mawu a shifiti sangachize zimenezi ngakhale mutawabwereza kakhumi.

Pali chinyengo china chimene mudzakumane nacho ndithu, ndipo chimapusitsa anthu ambiri chifukwa mizere imakhala yaimadi. Pulogalamu ikauzidwa kuti makoma aime, nthawi zina imangokweza kamera yonse m'mwamba mpaka pakati pa nyumba, ngati wojambula waima pawindo la nyumba yoyang'anizana nayo. Masamu ake ndi olondola, kamera ili molunjika, koma chithunzicho si cha munthu woyenda mumsewu. Mudzachizindikira poona madenga a magalimoto kuchokera pamwamba, ndiponso pamwamba pa makonde a nsanjika yachiwiri pakuoneka pamene mumayenera kuona kunsi kwake. Munthu woima pansi amaona kunsi kwa khonde lililonse lam'mwamba, ndipo saona pamwamba pa denga. Njira yachidule yoyezera ndi chitseko. Chitseko wamba chimatalika pafupifupi mamita 2, ndiye mzere wa maso uyenera kudutsa pang'ono kunsi kwa mutu wa chitseko cholowera. Ngati m'chithunzi muli anthu oimirira pamalo afulati, mitu yawo yonse, wapafupi ndi wakutali yemwe, iyenera kukhala pafupifupi pamzere umodzi. Mitu ikamakwera pamene anthu akutalikira, kamera ili pamwamba. Pokonza, onjezerani `street-level view` ndi `undersides of balconies visible`, ndipo ikani munthu mmodzi kapena awiri panjira ya oyenda pansi. Anthu amathandiza pulogalamu kudziwa pomwe maso ali.

Poyesa mawu, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo sungani nambala ya `seed` yomweyo, imene imasankha poyambira pa chithunzi, ngati pulogalamu ikulola. Mukasintha zonse pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Pa nyumba yanuyo ndikanayamba ndi kungochotsa mawu anayi aja n'kusintha kukula kwa chithunzi, osaonjezera kanthu. Kawirikawiri apa pokha kupendekeka kumachepa kwambiri. Kenako ndikanaika `straight-on front elevation`, kenako mawu a kamera ndi lenzi. Pa chiganizo chilichonse pangani zithunzi zosachepera zinayi, chifukwa chimodzi chokha chikhoza kutuluka bwino mwamwayi, inu n'kuyamikira liwu limene silinachite kanthu.

Mwina mudzaona kuti chithunzi cha maso ndi maso chikuoneka chouma, ngati pulani yopakidwa utoto. N'zoona, ndipo eni nyumba ambiri amafuna kuona mbali ziwiri. Zimatheka popanda kutaya makoma oima. Sinthani mzere wachiwiri wa chiganizo chija kuti ukhale:

```
three-quarter corner view, two-point perspective,
```

Apa mizere yopingasa, ya denga ndi ya mawindo, imathamangira kumanzere ndi kumanja n'kumayandikirana, ndipo zimenezo n'zoyenera. Yoimirira yokha ndi imene iyenera kukhala yosakumana. Koma dziwani kuti pangodya pulogalamu imaterereka msanga kubwerera ku kuyang'ana m'mwamba kuposa pa khoma lakutsogolo, chifukwa zithunzi zambiri za pangodya zimene inaziona ndi za anthu odutsa ndi foni. Mudzataya zithunzi zambiri. Ine ndimayamba ndi cha maso ndi maso kuti ndikhazikitse maonekedwe a nyumba, kenako ndimapita pangodya. Mawu a `three-point perspective` musawalembe konse, chifukwa nsonga yachitatuyo ndi pamene makoma amakakumana kumwamba, vuto lanu lenilenilo.

Ngati mwapeza chithunzi chimene mwachikonda m'zonse koma chapendekeka pang'ono, musachitaye. Chiongoleni ndi manja. Mu Lightroom muli gawo la `Transform`, ndipo `Vertical` kapena `Guided` amachita ntchitoyi: pa `Guided` mumajambula mizere iwiri motsata makoma, pulogalamu n'kuiimika. Mu GIMP muli chida cha `Perspective`, mu darktable muli `rotate and perspective`. Mtengo wake ulipo. Kutambasula pamwamba kumasiya ngodya zopanda kanthu m'munsi, ndiye mumadula m'mbali, ndipo ichi ndi chifukwa china chopemphera malo okwanira kuzungulira nyumba. Mapikiselo a pamwamba amakokedwa, njerwa za kumeneko zimafewa. Choopsa kwambiri n'chakuti mukangokoka ngodya zapamwamba m'mbali osatalikitsa chithunzi, nyumba imafupika n'kuoneka yonenepa. Yezani msinkhu ndi m'lifupi mwa windo limodzi lam'munsi musanaongole ndiponso mutaongola. Ngati lakhala lalifupi poyerekeza ndi m'lifupi mwake, kokani chithunzi mumsinkhu mpaka libwerere mmene linalili. Kuchoka pa 0.93 kufika pa 1 zimayenda bwino. Kuchoka pa 0.83 muja, ndi bwino kupanga china, chifukwa mudzadula zambiri m'mbali ndipo pamwamba padzafewa kwambiri.

Mukatha kuongola ndi manja, mutha kubweza chithunzicho m'pulogalamu kudzera mu `img2img`, njira yopangira chithunzi kuchokera ku chithunzi china, ndi chiganizo chatsopano chija, `denoising strength`, nambala yonena kuchuluka kwa zimene pulogalamu isinthe, ili pakati pa 0.25 ndi 0.4. Imabwezeretsa kuthwa kwa njerwa ndi mafelemu osasuntha makoma. Mukakweza kupitirira 0.6 imayamba kumanganso nyumba mwa nzeru zake, ndipo kupendekeka kumatha kubwerera.

Za mtundu wachinayi uja, mawindo osagwirizana ndi mapaipi okhota, njira yodalirika ndi kusiya kudalira mawu okha. Ngati mukugwiritsa ntchito Stable Diffusion, ControlNet imakulolani kupereka chojambula cha mizere kuti pulogalamu ichitsate. Pa nyumba, mtundu wa `MLSD` ndi umene unapangidwira mizere yoongoka, ndipo `Canny` kapena `Depth` amagwiranso ntchito. Inu amene mumasonyeza anthu nyumba zisanamangidwe muyenera kuti muli ndi pulani ya khoma lakutsogolo kale, kapena nyumbayo munaiumba mu SketchUp. Mmenemo muli `Two-Point Perspective` pansi pa `Camera`, imene imachita ndendende zomwe lenzi ya shifiti imachita. Mu Blender sungani kamera molunjika n'kukweza `Shift Y`. Tulutsani chithunzi cha mizere kuchokera mmenemo, mupereke kwa ControlNet, mawu asamalire za njerwa, magalasi, kuwala ndi mitengo. Mukatero funso la makoma latha, komanso chiwerengero cha mawindo ndi nsanjika chimakhala chomwe chili papulani, chinthu chimene mawu okha sakwanitsa kawirikawiri. Pa ntchito yokaonetsa mwini nyumba, ine sindidutsanso njira ina.

Pali malire amodzi amene lenzi yeniyeni ili nawo, ndipo chithunzi chopangidwa sichiwathawa. Nyumba ikatalika kwambiri, tinene nsanjika 20, ndipo kamera ili pafupi, makoma oima ndendende amaoneka ngati akutambalala pamwamba. Mukayeza mupeza kuti ndi oongoka, koma ubongo ukuyembekezera kuchepa pang'ono pa chinthu chachitali chotero, ndiye ukapanda kukuona umaganiza kuti nyumba ikukugwerani. Akatswiri ojambula amabwerera m'mbuyo n'kugwiritsa ntchito lenzi yaitali, kapena amasiya dala kupendekeka pang'ono. M'chiganizo chanu zimenezi ndi kusintha `across the street` kukhala `from a distance`, ndi 24 kukhala 50. Pa nsanjika zinayi zanuzo simufika kumeneko. Mamita 12 kuchokera tsidya la msewu amaima bwino popanda kunyenga diso, ndipo mukapeza 0.98 pa mizere iwiri ija ndi mitu ya anthu ili pafupi ndi mutu wa chitseko, chithunzicho mutha kupita nacho kwa mwini nyumba.